Vidiyo yaima chifukwa foni yadzadza: yambani ndi ziti pofufuta?

Pa chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga ku Lilongwe, ntchito yojambula vidiyo inagwera ine, poti foni yanga ndi imene inkaoneka yabwinoko pa banja lonse. Usiku wake ndinali nditafufuta zithunzi ndi mavidiyo akale ambirimbiri, choncho ndinapita mtima uli m'malo. Ankhoswe atangoimirira kuti apatsane tambala ndi msoti, foni inanjenjemera kamodzi, kadontho kofiira kaja n'kuzima. Pa sikirini panabwera uthenga woti malo atha. Ndinali nditajambula mphindi 7 zokha.

Achemwali anandiyandikira n'kundinong'oneza kuti, "Achimwene, mwajambula zimenezi eti?" Ndinangogwedeza mutu, chala chili kalikiliki kufufuta zithunzi chimodzichimodzi. Ndinafufuta mwina 50, koma kamera inakanabe. Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndikanachita pa mphindi zimenezo ndikanakhala kuti ndinkazidziwa bwino, ndipo zina ndinazichitadi titafika pa nthawi ya perekaniperekani, pamene ndinapeza mpata wokhala pansi kuseri kwa tenti.

Choyamba: tsimikizani kuti vuto ndi malo

Pitani ku Settings, kenako Storage. Pa iPhone ndi Settings, General, iPhone Storage. Mukaona kuti malo otsala sakukwana ndi 1 GB yomwe, palibenso chofufuza, foni yadzadzadi.

Koma nthawi zina mupeza malo alipo ambiri, chonsecho vidiyo ikuimabe. Zikatero musafufute kanthu, chifukwa matenda ndi ena. Gwirani kumbuyo kwa foni: ngati kwatentha ngati mbale ya nsima, kamera yadziimitsa yokha kuti izizire, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri mukamajambula padzuwa. Ichotseni m'chikwama chake, ikhale pamthunzi kanthawi. Ngati kamera imasunga pa memore khadi ndipo vidiyo imaduka ikangofika 4 GB nthawi zonse, vuto ndi mmene khadiyo inakonzedwera. Makhadi a 32 GB kutsika m'munsi amabwera m'kakonzedwe kotchedwa FAT32, kamene sikalola fayilo imodzi kupitirira 4 GB. Mafoni ena amangoyamba fayilo yatsopano mwakachetechete, ena amaima. Pamenepo mankhwala ake n'kuuza kamera kuti isunge m'foni momwemo, kapena kuimitsa n'kuyambiranso nokha isanafike pa malirewo.

Vidiyo imene yadukayo musaifufute, ngakhale itakana kutseguka. Mafoni ambiri amaitseka bwinobwino malo asanatheretu. Ikakana, n'chifukwa choti fayilo ya mp4 imalemba kalozera wake kumapeto, ndiye ikaduka mwadzidzidzi zithunzi zimakhala zilimo koma kalozera palibe. Odziwa makompyuta amatha kuikonza pogwiritsa ntchito vidiyo ina yabwino yojambulidwa ndi kamera yomweyo. Si nthawi zonse zimatheka, koma mukaifufuta ndiye mwataya zonse.

Chachiwiri: werengerani malo mu mphindi

Kungoti "ndifufuteko zinthu" sikuthandiza ngati simukudziwa kuti mukufuna malo ochuluka bwanji. Vidiyo imadya malo mofanana mphindi iliyonse, ndiye masamu ake ndi ophweka. Pa mafoni ambiri, mphindi imodzi ya 1080p imadya pafupifupi 130 MB, pamene mphindi imodzi ya 4K imadya pafupifupi 350 MB. Mafoni amasiyanako, choncho njira yabwino n'kutsegula vidiyo imene mwajambula kale, kudina Details, n'kugawa kukula kwake ndi mphindi zake.

Yanga ija inali ya 2.4 GB pa mphindi 7. Apa m'pamene ndinazindikira kuti kamera inali pa 4K, ndipo ndinaiika ndekha miyezi ingapo m'mbuyomo n'kuiwala. Pa mwambo panali patatsala mphindi pafupifupi 40 zofunika kujambula. Pa 4K zikanafuna 14 GB, malo amene sindikanawapeza pa foni ya 64 GB popanda kuikhuthula yonse. Pa 1080p zinkafuna 5.2 GB. Kuphatikizapo 1 GB ina yoti foni izipumira, ndinkafunika kupeza 6 GB ndi kakusefukira.

Ndiye musanafufute chilichonse, tsitsani kaye kamera. Tsegulani kamera, pitani pa vidiyo, ndipo pamwamba kapena mu zoikamo zake sankhani 1080p, imene mafoni ena amailemba kuti FHD, pa 30 fps osati 60. Pa iPhone zili ku Settings, Camera, Record Video, ndipo pansi pake foniyo imakulemberani kuti mphindi imodzi idya malo angati. Ngati kamera yanu ili ndi batani lolembedwa HEVC kapena High efficiency, kuliyatsa kumachepetsanso fayilo ndithu, kungoti makompyuta akale ndi mawayilesi a kanema ena amakana kuonetsa vidiyo yamtunduwu. Ine pa mwambo wa banja umene agogo adzaonere pa kanema wa kumudzi sindiliyatsa. Kunena zoona, vidiyo imene mathero ake ndi kutumizirana pa WhatsApp sifunika 4K n'komwe, poti WhatsApp imaifinya ikamapita.

Chachitatu: khuthulani bini

Apa m'pamene panagona vuto langa lonse. Mukafufuta chithunzi kapena vidiyo pa mafoni amasiku ano, sichichoka. Chimangosamukira m'bini, n'kukhala momwemo masiku 30, chikudyabe malo ake onse ngati kale. Zili ngati kusesa m'nyumba n'kuunjika zinyalala kuseri kwa chitseko. Zimene ndinafufuta usiku uja zonse zinali m'bini, 1.9 GB yathunthu, ndipo zithunzi 50 zimene ndinkafufuta thukuta lili kamukamu zinkangokalowa momwemo.

Tsegulani Gallery, dinani timizere titatu kapena timadontho titatu, yang'anani mawu oti Trash, Recycle bin kapena Recently deleted. Lowani, onani mwachangu ngati mulibe chimene munafufuta mwangozi, kenako dinani Empty kapena Delete all. Pa iPhone ndi mu Photos, pa Recently Deleted. Dziwaninso kuti bini sikhala imodzi ayi. Google Photos ili ndi yake, Files by Google ili ndi yake, ndipo My Files pa Samsung ilinso ndi yake. Yenderani zonse zimene zili m'foni mwanu.

Lamuloli likugwiranso pa zonse zimene mufufute kutsogoloku. Mukamaliza kufufuta, bwererani ku bini, kenako mukaone ku Storage ngati nambala yasintha. Ikapanda kusintha, zinthuzo zabisala penapake.

Chachinayi: WhatsApp

Pa mafoni ambiri amene ndawagwirapo, a abale ndi a anzanga a kuntchito, mbava yaikulu ya malo ndi magulu a WhatsApp. Gulu la mpingo, la banki m'khonde, la amene munaphunzira nawo ku sekondale, la maliro amene anachitika zaka ziwiri zapitazo koma silinathebe. Vidiyo imene wina waponya imatha kulowa yokha m'foni mwanu, muionere musaionere.

Musavutike kulowa gulu lililonse. Mu WhatsApp pitani ku Settings, Storage and data, Manage storage. Mupeza zinthu zitasanjidwa kale: Larger than 5 MB ndi Forwarded many times, ndipo m'munsi mwake muli magulu ndi anthu, woyamba kukhala amene akudya malo ambiri. Yambani ndi Larger than 5 MB, musanje kuti zazikulu zikhale pamwamba, n'kusankha mavidiyo 20 kapena 30 oyambirira. Zimene zayenda m'manja ambiri, monga nthabwala, maulaliki ndi zigoli za mpira, ndi zosavuta kuzisiya chifukwa mukazifunanso wina ali nazo. Zimene muyenera kuchedwerapo ndi za m'macheza a anthu awiri, maka mawu ojambulidwa ndi zithunzi za malisiti. Izi n'zazing'ono, sizikupatsani malo ambiri, koma zikapita zimapweteka.

Ine ndinapezamo 2.8 GB pa mphindi zosakwana zisanu, ndipo pafupifupi theka lake linali la gulu limodzi la mpira.

Musachoke musanatseke pompi. Pa Storage and data pomwepo pali Media auto-download. Chotsani chizindikiro pa Videos m'mizere yonse itatu, kuti vidiyo izilowa pokhapokha mwaidina nokha. Ndi bandulo yomwe ikhalitsako.

Chachisanu: zazikulu zimene mungazipezenso

Chithunzi chimodzi chimakhala cha 3 MB kapena 4 MB. Kuti mupeze malo a mphindi imodzi ya vidiyo muyenera kufufuta zithunzi zoposa 30, ndipo chilichonse mumayamba mwachiyang'ana, n'kukumbukira tsiku lake, n'kuzengereza. Filimu imodzi imene munalandira pa Xender kapena munakopera kwa anyamata oika mafilimu pamsika ingakhale ya 700 MB kapena kuposa. Ndiye siyani zithunzi, sakani njovu.

Tsegulani pulogalamu yoonera mafayilo, kaya ndi Files, My Files kapena File Manager. Lowani mu Videos ndi mu Downloads, musanje ndi Size. Muyang'anenso mafayilo othera ndi .apk, amene amatsala mukamaliza kuika pulogalamu, ndipo alibenso ntchito. Mu Files by Google muli gawo la Clean limene limakusonkhanitsirani mafayilo aakulu ndi obwereza. Mavidiyo amene munasunga kuti muzionera popanda netiweki mu YouTube kapena Netflix sapezeka m'mafodawa, muyenera kulowa mu pulogalamuyo n'kuwachotsa pa Downloads. Ine ndinachotsa mafilimu awiri amene ana anaonera kale kangapo, n'kupeza 1.6 GB.

Kenako pali zinyenyeswa zimene mapulogalamu amasunga kuti azitseguka msanga. TikTok, Facebook ndi Chrome zimaunjika zambiri. Pitani ku Settings, Apps, sankhani pulogalamuyo, Storage, n'kudina Clear cache. Samalani kwambiri apa, chifukwa pambali pake pali batani lina lolembedwa Clear data kapena Clear storage. Limeneli limabweza pulogalamu ngati yatsopano: limakutulutsani, ndipo pa WhatsApp lingakutayitseni macheza onse amene sanasungidwe kwina. Munthu amene sakumbukira mawu ake achinsinsi asalikhudze. Pa iPhone batani la Clear cache kulibe, koma pali Offload App, limene limachotsa pulogalamu n'kusiya zinthu zanu.

Zinyenyeswazi zinandipatsa 0.7 GB, koma zimabwerera pakangopita masiku ochepa. N'zothandiza pa tsiku la mwambo basi. Kuwonkhetsa zonse: 1.9 ya m'bini, 2.8 ya WhatsApp, 1.6 ya mafilimu ndi 0.7 iyi, zinakwana 7 GB. Ndinajambula mpaka mwambo kutha, malo n'kutsalako. Za tambala ndi msoti ndinakazipempha kwa mlamu wanga amene ankajambula chapatali, mitu ya anthu ikutchinga.

Mapulogalamu olonjeza kutsuka foni ndi batani limodzi ine sindiwakhulupirira. Ambiri amangochita zomwezi za Clear cache, n'kukudzazirani zotsatsa malonda, iwonso akudya malo.

Mukafika kunyumba: samutsani, kenako fufutani

Zimene zimadzadza foni kwenikweni ndi mavidiyo anu omwe, ndipo amenewa safufutidwa, amasamutsidwa. Lumikizani foni ku laputopu ndi chingwe, pa foni sankhani File transfer, tsegulani foda ya DCIM kenako Camera. Gwiritsani ntchito Copy osati Cut, chifukwa chingwe chikagwedezeka kapena magetsi akathima pakati, fayilo ingawonongeke uku simukudziwa kuti yafika iti. Mukamaliza, tsegulani mavidiyo angapo pa laputopupo, muwathamangitse mpaka kumapeto. Akaoneka bwino, m'pamene mufufute pa foni, n'kukhuthula bini. Ngati mulibe laputopu, fulashi yolowa ku foni kapena memore khadi imagwira ntchito yomweyi.

Pa memore khadi pali msampha. Alipo makhadi achinyengo olembedwa 128 GB pamene mkati mwake muli malo ochepa kwambiri. Foni imaonetsa nambala yabodzayo, mafayilo amaoneka ngati alowa, koma mukadutsa malo enieniwo mavidiyo amayamba kukana kutseguka. Khadi yatsopano, maka yotchipa modabwitsa, iyeseni kaye poidzadza ndi zinthu zimene muli nazo kwina, muone ngati zonse zikutseguka. Ngati mukufuna kuti kamera izijambulira pa khadipo, sankhani yolembedwa U3 kapena V30, chifukwa khadi yochedwa imaimitsanso vidiyo ngakhale malo alipo.

Osunga zithunzi pa intaneti amvetse ichi. Google imapereka 15 GB yaulere, iCloud 5 GB, koma kufufuta chithunzi mkati mwa Google Photos kapena pa iPhone imene yayatsa iCloud Photos kumachichotsa konsekonse, m'foni ndi pa intaneti pomwe. Mu Google Photos njira yotetezeka ndi batani la Free up space, limene limachotsa m'foni zokhazo zimene zakwera kale. Musaiwale kuti kukweza 5 GB kumadya bandulo ya 5 GB.

Pa laputopu

Nkhani yake ndi yomweyi, kungoti zinyalala zimabisala kwina. Mukamajambula msonkhano pa Zoom, phunziro pa OBS Studio kapena sikirini ndi Xbox Game Bar, zonse zimalowa pa diski ya C: pokhapokha mutasintha nokha. Tsegulani This PC. Mzere wa pansi pa C: ukafiira ndiye kuti malo atsala ochepa. Malaputopu otchipa okhala ndi 64 GB kapena 128 GB amafika apa msanga, poti Windows yokha imatenga gawo lalikulu.

Yambani ndi Recycle Bin, pa chifukwa chomwe chija. Kenako pitani ku Settings, System, Storage, Temporary files. Mupeza mndandanda wa zotsalira, chilichonse ndi kukula kwake. Windows Update Cleanup ndi Temporary files mutha kuchonga mosaopa. Previous Windows installation imakhala yaikulu kwambiri ikapezeka, koma mukaichotsa simungabwererenso ku Windows yakale. Chenjerani ndi mzere wa Downloads: ukachongedwa, zonse zimene munatsitsa zimapita, kuphatikizapo makalata amene mwina simunawasunge kwina. Ine ndimausiya, n'kukalowa m'fodayo ndekha.

Kuti mupeze zazikulu, tsegulani foda yanu mu File Explorer, n'kulemba izi pa malo osakira:

```
size:>500MB
```

Zituluka mafilimu, mavidiyo a misonkhano yakale ndi mafayilo oikira mapulogalamu. Samutsirani zofunika ku diski yakunja kapena ku D: ngati ilipo, zina zifufuteni. Mafayilo amene ali m'mafoda a Windows ndi Program Files asiyeni, ngakhale atakula bwanji. Mavidiyo a Zoom amakhala mu Documents, m'foda ya Zoom, a Game Bar mu Videos pa Captures, ndipo a kamera ya laputopu mu Pictures pa Camera Roll.

Zikavutitsitsa, pali fayilo yobisika yotchedwa hiberfil.sys, imene Windows imasungamo ntchito yanu laputopu ikagona tulo tatikulu. Pa laputopu ya RAM ya 8 GB imakhala pafupifupi 3 GB. Mutha kuichotsa potsegula Command Prompt ndi Run as administrator, n'kulemba:

```
powercfg /h off
```

Mtengo wake ndi woti batire ikatha mwadzidzidzi, zimene simunasunge zimatayika, ndipo kwathu kuno kumene magetsi amathima osatsanzika si nkhani yaing'ono. Mukamaliza kujambula n'kusamutsa vidiyo, bwezeretsani ndi lamulo lomwelo koma kumapeto kukhale `on`. Pa Mac zinthu zasanjidwa ku System Settings, General, Storage, ndipo nakonso Trash iyenera kukhuthulidwa.

Zinthu ziwiri zokhudza kujambulako. Zoom imasunga vidiyo yosapsa msonkhano uli mkati, n'kudzaisandutsa mp4 msonkhano ukatha, ndipo ntchito imeneyi imafunanso malo ake. Diski ikadzadza pamenepo, mupeza m'fodamo fayilo yoyamba ndi mawu oti double_click_to_convert. Musaitaye poganiza kuti ndi chinyalala. Pezani malo kaye, kenako muidine kawiri, imaliza ntchito yake. Pa OBS Studio, pitani ku Settings, Output, musinthe Recording Path kuti iloze ku diski imene ili ndi malo, ndipo Recording Format ikhale mkv. Fayilo ya mkv ikaduka mwadzidzidzi, zimene zajambulidwa kale zimaonekabe, pamene mp4 wamba imakana kutseguka yonse. Mukafuna mp4 yotumizira anthu, pitani ku File, Remux Recordings, ndipo sizichedwa. Kungoti imapanga fayilo yachiwiri yaikulu ngati yoyamba, ndiye vidiyo ya 3 GB imafuna 3 GB ina yopanda kanthu, ndipo mkv ija muifufute pokhapokha mwaionera mp4 mpaka kumapeto.